Zotsatira za kuyeza umuna

Labotale ya chipatala, Blantyre
Woyezedwa: bambo wa zaka 36, wa ku Chilomoni
Chifukwa: banja latha zaka ziwiri likuyembekezera mphatso ya mwana

Umuna unaperekedwa 8 koloko m'mawa, bambo atakhala masiku atatu osagonana, ndipo unayezedwa ola lisanathe. Taufananiza ndi malire a bungwe la WHO a chaka cha 2021.

Umuna wonse: mamililita 2.1 (malire 1.4). Ndi wokwanira, ndipo unasungunuka bwino.

Kuchuluka kwa mbewu: 11 miliyoni pa mililita imodzi (malire 16 miliyoni). Zonse pamodzi zakwana 23 miliyoni, pomwe zimafunika 39 miliyoni.

Kayendedwe: pa mbewu 100 zilizonse, 35 zikuyenda (malire 42). Zopitadi kutsogolo ndi 22 zokha (malire 30). Zina 13 zikungogwedeza mchira pamalo amodzi. Apa ndiye pakudetsa nkhawa kwambiri, chifukwa mbewu yosapita kutsogolo singafike pamene pali dzira.

Maonekedwe: 5 pa 100 zili ndi mutu ndi mchira wabwino. Zisakudabwitseni, malire ake ndi 4 basi.

Ndemanga: Mbewu zachepa ndipo zikuyenda mofooka, koma sizikutanthauza kuti bambo ndi wosabereka. Atiuza kuti anadwala malungo mwezi wathawu, ndipo kutentha thupi kumachepetsa mbewu kwa kanthawi. Adzayezetsenso pakatha miyezi itatu, mbewu zatsopano zitakhwima. Pakadali pano asiye fodya, achepetse mowa. Pokaonana ndi dokotala apite limodzi ndi mayi.