Kalata kwa Tiyamike ku Dublin: mafilimu oti uonere m'nyengo ino yopukwa

Chilomoni, Blantyre
12 Januwale 2025

Wokondedwa mphwanga Tiyamike,

Mayi ako andiuza kuti masiku ano ukaweruka ku nyumba yosamalira okalamba komwe ukugwira ntchito, umangofikira m'chipinda mwako, ndipo dzuwa likamalowa nthawi ya 4 koloko masana mtima wako umakhala uli ku Chilomoni. Anandiuzanso kuti unapempha kuti malume ako, amene ndimatha ndalama ndi mabandulo oonerera kanema, ndikusankhire mafilimu angapo. Ndakusankhira ofotokoza za anthu amene anasiya kwawo monga iwe, chifukwa munthu wopukwa amapepukidwa kwambiri akaona kuti zimene zikumuchitikirazo ena anazidutsapo, kuposa akamaonera zoseketsa zimene zimatha n'kumusiya mmene analili.

Uyambe ndi Brooklyn, filimu ya m'chaka cha 2015 imene anaitsogolera John Crowley kuchokera m'buku la Colm Tóibín. Ndi nkhani ya Eilis, mtsikana wa m'tauni ya Enniscorthy m'dziko lomwelo la Ireland, amene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 anakwera sitima ya pamadzi kupita ku New York chifukwa kwawo kunalibe ntchito. Masana amagulitsa m'sitolo yaikulu, madzulo amaphunzira zowerengera ndalama, ndipo makalata a kwawo akafika amawawerenga akulira mpaka kulephera kumwetulira makasitomala. Saoirse Ronan anasewera bwino kwambiri moti kupukwako umakuona pankhope pake ngakhale asanalankhule. Ndaiika patsogolo pa chifukwa china: okalamba amene ukuwasambitsa ndi kuwadyetsawo anakula dziko lawo likutaya ana ake mwa njira yomweyi, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri mwa iwo ali ndi mchemwali kapena mchimwene amene anapita ku Amereka kapena ku Mangalande osabwereranso. Ukaionera, udzawafunse, mwina udzapeza kuti amene akumvetsa bwino mtima wako ndi agogo amene umawapatsa mankhwala m'mawa uliwonse. Ndikuchenjezeretu kuti chapakati pake pali uthenga wa maliro wochokera kumudzi, choncho usaionere tsiku limene wadzuka wofooka.

Yachiwiri ndi Minari ya m'chaka cha 2020, ya Lee Isaac Chung, yofotokoza za banja lochokera ku Korea limene linakakhazikika kumidzi ya ku Arkansas m'zaka za m'ma 1980. Bambo ndi mayi amagwira ntchito yosiyanitsa anapiye aamuna ndi aakazi pamalo oswetsera mazira, koma bamboyo maganizo ake onse ali pa munda umene akufuna kulimapo ndiwo zamasamba za kwawo, ndipo zimenezi zikubweretsa mikangano m'nyumba. Kenaka kukubwera agogo aakazi kuchokera ku Korea. Pamene akumasula katundu wawo n'kutulutsa tsabola wogaya ndi tinsomba touma, mayi uja, yemwe ndi mwana wawo, akuyamba kulira, ndipo ine ndinangoona iwe ukutsegula jumbo ya usipa imene mayi ako anakutumizira kudzera kwa mnzako uja. Agogowo si ophika ngati mmene mdzukulu wawo ankayembekezera: amatukwana, amasewera makadi, amakonda kuonera anthu ogwetsana pa wailesi yakanema. Youn Yuh-jung, amene anasewera agogowa, analandira mphoto ya Oscar m'chaka cha 2021, ndipo anaiyenereradi. Filimu imeneyi idzakuseketsa kwinaku ikukuliritsa.

The Namesake ya Mira Nair, ya m'chaka cha 2006, ndi yaitali pang'ono chifukwa ikutsata banja lochokera ku Calcutta kwa zaka zambiri ku Amereka. Anthu ambiri amaikonda chifukwa cha mnyamata Gogol amene akulimbana ndi dzina limene bambo ake anamupatsa, koma iwe maso ako akhale pa mayi ake, Ashima, makamaka masiku oyamba pamene ali yekhayekha m'nyumba yozizira, mwamuna wake ali kusukulu, iye asakudziwa aliyense.

Ina imene ndikufunitsitsa uione ndi Farewell Amor ya m'chaka cha 2020, yolembedwa ndi kutsogoleredwa ndi Ekwa Msangi, amene makolo ake ndi a ku Tanzania. Walter, wochokera ku Angola, wakhala akuyendetsa takisi ku New York, ndipo patadutsa zaka 17 mkazi wake Esther ndi mwana wawo Sylvia akumupeza kumeneko. Tsiku limene ankalilakalaka lafika, koma m'kanyumba kachipinda chimodziko akukhala ngati alendo: mayiyo analowerera kwambiri m'mapemphero, mwanayo bambo ake sakuwadziwa, ndipo bamboyo ali ndi zake zimene sanaulule. Nkhaniyi ikufotokozedwa katatu, aliyense mwa atatuwo ndi mbali yake, ndipo palibe amene filimuyo ikumuweruza. Kuno kwathu nkhani yotereyi si yachilendo, pakuti kuyambira nthawi imene agogo athu ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela mpaka lero pamene mabasi akunyamukabe tsiku ndi tsiku, mabanja ambiri alandirapo munthu amene wabwera ali wina. N'chifukwa chake ndikuti uziimba lamya pafupipafupi ngakhale ulibe nkhani yaikulu, kuti azing'ono ako azikula akumva mawu ako.

Pali awiri amene ndi abwino zedi koma ndikupempha kuti uwasunge kaye mpaka kunja kutayamba kufunda, kapena uwaonere pamodzi ndi anzako a kutchalitchi. Io Capitano ya Matteo Garrone, ya m'chaka cha 2023, ikutsata anyamata awiri a ku Dakar, Seydou ndi Moussa, amene akudutsa chipululu cha Sahara ndi ndende za ku Libya pofuna kukafika ku Italy, ndipo muli nkhanza zimene zimakhalitsa m'maganizo. La Noire de..., imene Ousmane Sembène anaitulutsa m'chaka cha 1966, ndi ya Diouana, mtsikana wa ku Senegal amene anatengedwa ndi mabwana ake kupita ku Antibes ku France akuganiza kuti akukalera ana, koma anakathera m'khitchini wopanda womuyankhula ngati munthu. Mathero ake ndi owawa kwambiri, ndipo munthu amene akugona yekha m'dziko la eni sayenera kuwaona usiku.

Tsiku limene zonsezi zidzakukwane n'kungofuna kumva Chichewa ndi kuona dothi lofiira, bwereza The Boy Who Harnessed the Wind ya m'chaka cha 2019, yonena za William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu. Chichewa cha Chiwetel Ejiofor chidzakuseketsa, koma umukhululukire chifukwa anayesetsa. Ukatha kupeza The Road to Sunrise ya Shemu Joyah, ya m'chaka cha 2017, udzakhala ngati wabwerera mu Blantyre muno, ngakhale nkhani yake ndi yolemera.

Ukamaliza Brooklyn undiimbire tikambirane ngati mtsikanayo anasankha bwino kumapeto, chifukwa ine ndi azakhali ako sitinagwirizanebe pa mfundo imeneyi. Panopa kuno tili patsogolo ndi maola awiri, ndiye uyesetse kuimba isanakwane 7 koloko madzulo kumeneko, ndisanagone. Mvula ikugwa bwino ndipo chimanga cha kuseri kwa nyumba chafika m'chiuno. Mayi ako, azakhali ako ndi ana onse akupereka moni.

Ndine malume ako,
Chikondi