Yankho pa Funso la Malipiro Osagwirizana ndi Sitetimenti ya ku Banki

Ofesi ya Zachuma
Ginnery Corner, Blantyre
18 Malichi 2024

Kwa Mkulu Wofufuza Mabuku a Zachuma,

Wolemekezeka,

Tikuyankha kalata yanu ya pa 11 Malichi 2024, momwe munafunsa za malipiro anayi a chaka chomwe chinatha pa 31 Disembala 2023, amene akusiyanitsa mabuku athu ndi sitetimenti ya ku banki ndi K2,300,000.

Kusiyana kwakukulu, kwa K1,040,000, kwachokera pa zipangizo za makina zomwe tinaitanitsa kunja pa mtengo wa madola 2,000. Invoisi inalowa m'mabuku mu Okutobala pa K1,180 dola imodzi, zomwe zinapanga K2,360,000, koma pamene banki imatipezera ndalama zakunja kumapeto kwa Novembala, Reserve Bank inali itatsitsa kale mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, moti tinalipira K3,400,000 pa K1,700 dola imodzi. Wogulitsa analandira madola 2,000 omwewo, osapitirira. Kulakwa kwathu n'kwakuti ndalama yoonjezerayi sitinailembe ngati yoluza pa kusintha ndalama, ndipo takonza zimenezi. Taphatikiza invoisi, kalata ya banki yosonyeza mtengo wa tsikulo ndi vocha yokonzera.

K450,000 ndi msonkho wa 10 peresenti womwe tinadula pa K4,500,000 ya wonyamula katundu kuchoka ku Limbe kupita ku Nchalo mu Ogasiti. Iye analandira K4,050,000, ndipo msonkhowo tinaupereka ku MRA pa 13 Sepitembala pamodzi ndi misonkho ina ya mweziwo, n'chifukwa chake sukuoneka pawokha pa sitetimenti. Lisiti ya MRA ndi mndandanda wa misonkho yonse yomwe inalowa m'menemo zili m'gulu la mapepala omwe tatumiza.

Cheke cha K780,000 chinalembedwa pa 28 Disembala, koma mwini wake anakachisintha pa 9 Januwale 2024, monga ikuonetsera sitetimenti ya Januwale.

Nkhani yomwe yativuta, ngakhale ndalama yake ndi yochepa, ndi ya aganyu otsitsa katundu ku nyumba yathu yosungiramo katundu ku Chirimba. Tinatapa K215,000, koma pepala losainira likusonyeza K185,000 yokha. Kapitawo akuti K30,000 inaperekedwa kwa anthu atatu omwe anachoka asanasaine, ndipo awiri mwa iwo tawapeza, avomera polemba kuti aliyense analandira K10,000. Wachitatu sanapezeke. Ife tikuona kuti mawu apakamwa sangalowe m'malo mwa siginecha, choncho K10,000 yotsalayi taiika ngati ngongole ya kapitawoyo kufikira umboni utapezeka. Kuyambira mwezi uno, aganyu onse akulipidwa kudzera pa foni kuti malipiro aliwonse azisiya umboni.

Mapepala enieni ali mu ofesi yathu, ndipo tikupempha kuti mutiuze tsiku lomwe mungabwere kudzawaona musanatseke lipoti lanu.

Ine wanu mokhulupirika,
Mkulu wa Zachuma