Kalata Yoitana Mlendo Wolemekezeka pa Tsiku Lobzala Mitengo

Komiti ya Chitukuko,
Chibavi,
Mzuzu.

Kwa Olemekezeka Khansala wa dera lathu,

Bambo,

KUKUPEMPHANI KUTI MUDZAKHALE MLENDO WOLEMEKEZEKA

M'malo mwa komiti ya chitukuko ndi mafumu a kuno ku Chibavi, ndalemba kalatayi modzichepetsa kukupemphani kuti mudzakhale mlendo wathu wolemekezeka pa mwambo wobzala mitengo m'mbali mwa mtsinje wa Lunyangwa, umene udzachitike Loweruka, pa 17 Januwale, kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 12 koloko masana. Tidzasonkhana kaye pabwalo la sukulu ya pulaimale ya m'dera lino, kenako tidzatsikira limodzi kumtsinje.

Tikuyembekezera anthu pafupifupi 400, ndipo ambiri mwa iwo ndi ana asukulu, amayi a m'magulu a mipingo ndi achinyamata amene akhala akusamalira mbande 1,500 za mbawa ndi katope kunazale, kuzithirira ndi makheni m'chilimwe chonse. Nkhaniyi ili pamtima pathu chifukwa mvula ikalimbika madzi amagumula magombe, nalowa m'nyumba za anthu okhala kumunsi, ndiponso mtsinje womwewu ndi umene mzinda wathu umadalira pa madzi akumwa.

Mbali yanu idzakhala kuyankhula kwa mphindi 15, kubzala mtengo woyamba, ndi kupereka makasu kwa magulu amene alimbikira kwambiri. Tingakondwe mutadzafika pofika 8:30 kuti mudzayambe mwaonana ndi mafumu, ndipo poti ino ndi nyengo ya dzinja, musadzaiwale majombo.

Chonde mutidziwitse pasanafike pa 9 Januwale ngati mudzathe kubwera, kuti tikonze ndondomeko nthawi ilipo.

Ine wanu mwaulemu,

Mlembi wa Komiti ya Chitukuko