Dzimbiri paphewa

Kutatsala tsiku limodzi kuti ukwati uchitike, Tadala anatulutsa diresi m'sutikesi ndipo mtima unangoti myuu. Paphewa panali banga lofiirira, lalikulu ngati chikhadabo. Phini yomwe anamangira kaduwa tsiku loyesa diresiyo inali itachita dzimbiri, ndipo dzimbirilo linalowerera mu nsalu.

Agogo ake anamupeza kubafa atatsegula kale botolo la bulichi.

"Iwe, tseka chimenecho!"

"Agogo, nanga si choyeretsera zovala zoyera?"

"Litsiro, inde. Koma dzimbiri ukalithira bulichi limachita kukhwimirako, silidzachokanso. Tabwera nayo kuno."

Anaigwiragwira nsaluyo ndi zala, kenako anaiyandikitsa kumaso. "Ndi ya thonje, uli ndi mwayi. Ikanakhala silika bwenzi tikuyankhula zina. Katenge ndimu, mchere ndi thaulo loyera."

Tadala atabwera nazo, anafuna kufinyira ndimuyo pabanga pomwepo. Agogo anamugwira dzanja, natembenuza diresi mpaka kumpendero wa mkati. Anadonthezapo dontho limodzi, n'kukhala pansi.

"Tikudikira chiyani?"

"Tione ngati nsalu isinthe mtundu. Ikati ilakwike, ilakwikire kumene anthu sakayang'anako."

Sinasinthe. Apo anayala thaulo kunsi kwa phewa lija kuti dzimbiri likamasungunuka lizitsikira m'thaulomo, osafalikira kumsana. Anamuuza kuti awaze mchere mpaka banga libisike, ndiyeno afinyire ndimu mpaka mcherewo unyowe. Tadala anayamba kufikisa ndi mphamvu.

"Ayi mwanawe, suchapa matewera. Ukafikisa ulusi uyoyoka, ndipo malo amenewo adzaoneka kuposa bangalo. Ingosinikiza ndi chala. Chodya dzimbiri ndi kuwawasa kwa ndimu, osati mphamvu zako."

Anaiyala padzuwa, phewa lokhalo, kwina konse atafunditsa nsalu. Mchere utauma anatsukuluza ndi madzi ozizira. Banga linali litazilala koma lilipobe, lachikasu.

Misozi inalengeza m'maso mwa Tadala. "Basi, ndingoisita. Ndidzabisa ndi kaduwa komweko."

"Simbi isayandikire. Kutentha kumakhomerera banga. Bwerezanso."

Ulendo uno agogo sanakhudze kalikonse. Anapinda manja, kumangoyang'ana mdzukulu wawo akusuntha thaulo kuti pakhale pouma, akuwaza mchere, akufinya. Anangoyankhula kamodzi, pomukumbutsa kuti atsukuluze mokwanira chifukwa ndimu yotsalira imafooketsa ulusi. Dzuwa litapendeka, Tadala anakweza diresi m'mwamba n'kufunafuna.

"Linali phewa liti kodi?"

Agogo anaseka mpaka kutsokomola. "Iyanike pamthunzi. Koma osati pa hang'ala ya waya ija, mawa tingadzuke ndi ntchito yomweyi."

Nthawi yomweyo mlongo wake wa Tadala anatulukira pakhomo, shati yovala mawa ili m'manja, inki ya bolopeni ili biriwiri pathumba.

"Agogo, ndimu yatsalako?"

"Inki simva ndimu, imeneyo ndi ya sipiriti. Tadala, tam'patsa thaulo lina."