Ndondomeko yophunzirira kudzikoka pa chitsulo

Kwa inu atsopano a gulu lathu la ku Mpondasi amene chibwano sichinafikebe pa chitsulo, ndondomeko yanu ndi iyi. Tizikumana Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka, 5:30 m'mawa. Dzuwa la kuno likakwera, paipi ija imaotcha m'manja ndipo thukuta limaterereketsa.

Musanagwire, gwedezani chitsulocho mwamphamvu. Chathu ndi paipi yochindikala pa mitengo iwiri ya bulugamu yothiridwa simenti, komabe chiswe sichigona, yang'anani m'tsinde. Nthambi ya mango kapena chitsulo cha golo, chonde ayi. Pansi pakhale mchenga, osati njerwa. Kenako zunguzani mapewa ndi manja kwa mphindi 5.

Masabata awiri oyamba ndi olendewera basi. Gwirani motalikitsa manja pang'ono kuposa mapewa, zikhatho zitayang'ana kutsogolo, chala chachikulu chitazungulira chitsulo. Lendewerani masekondi 15, pumulani mphindi imodzi, kanayi. Muziwonjezera mpaka 30. Zikatheka, yambani kukokera mapewa pansi, kutali ndi makutu, zigongono zili zowongoka: kasanu, maulendo atatu.

Kuyambira sabata yachitatu mpaka yachisanu ndi chimodzi, ntchito ndi kutsika, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mundimvetse. Minofu imatha kugwira katundu wolemera potsitsa kuposa ponyamula, choncho munthu amene sangadzikoke n'kamodzi komwe atha kutsika bwinobwino, mphamvu n'kumabwera. Kwerani pa benchi, chibwano chikhale pamwamba pa chitsulo, chotsani mapazi, gwirani sekondi imodzi, ndiye tsikani mukuwerenga mpaka 3. Tsikani mpaka manja awongoke. Ambiri amayenda bwino kumtunda, akafika pakati n'kungodzitaya ngati thumba la chimanga, pomwe gawo lomalizalo ndi limene adzayambire tsiku lodzikoka. Chitani katatu, pumulani mphindi ziwiri, maulendo atatu. Mukafika potsika kasanu, kutsika kulikonse masekondi 5, mwakonzeka. Mukaona kuti mwayamba kugwa m'malo motsika, lekani, za tsikulo zakwana.

Mawa lake m'khwapa ndi m'mikono mudzawawa, nthawi zina masiku awiri. Zimenezo sizoopsa. Koma ululu wobaya m'chigongono kapena m'phewa ndi nkhani ina: siyani, mundiuze, ukapitirira pitani kuchipatala. Inu opalasa bwato usiku, mukabwera manja atatopa, ingolendewerani.

Sabata yachisanu ndi chiwiri, mnzanu akugwireni m'chiuno n'kukuthandizani pang'ono pokwera, koma potsika akusiyeni. Yachisanu ndi chitatu, yesani nokha poyambirira penipeni, musanatope. Osaponya miyendo, osasolola khosi. Kokerani zigongono kunthiti. Zikakanika, bwererani ku kutsika kwa masabata ena awiri. Amene thupi ndi lolemera zimawatengera nthawi, ndipo palibe amene adzakusekeni pa gulu lino.

Loweruka bwerani ndi madzi akumwa ndi kansalu kopukutira chitsulo.