Masilaidi a maphunziro a makomiti a zaumoyo: kolera ndi kutsekula m'mimba

Achemwali, nawa mawu a masilaidi a maphunziro a Lachiwiri likudzali. Ophunzira ndi anthu 24 a m'makomiti a zaumoyo ochokera m'midzi inayi ya m'mphepete mwa nyanja kuno ku Salima. Ambiri amawerenga Chichewa bwinobwino, koma odziwa Chingerezi ndi atatu okha. Chingerezicho tikuikira abwana ochokera ku ofesi ya zaumoyo kuboma ndi mlendo wa bungwe lomwe latithandiza ndi ndalama. Choncho Chichewa chikhale patsogolo pa silaidi iliyonse, ndipo musachifupikitse pofuna kupezera malo Chingerezi.

Kaikidwe kake

Chichewa pamwamba, zilembo za saizi 32. Chingerezi pansi pake, saizi 20, mzere umodzi kapena iwiri basi. Musaziike mbali ndi mbali, chifukwa mawu athu ndi ataliatali ndipo mukagawa silaidi pakati zilembo zimachepa mpaka wokhala kumbuyo sawona kanthu. Mukonze kamodzi pa View > Slide Master mu PowerPoint kuti masilaidi onse afanane. Kalasi yomwe aphunzitsi aakulu atibwereka ilibe makatani, ndiye zilembo zikhale zakuda pa malo oyera. Mizere yofiira ya pansi pa mawu a Chichewa muichotse pa Review > Language > Set Proofing Language, ndipo mukamaliza muwerengenso liwu ndi liwu, poti kompyuta imakonda kusintha mawu athu payokha.

Chingerezi mulembe inu potengera Chichewachi, kenako anamwino achione. Chitsanzo ndi silaidi 3.

Silaidi 1
Titeteze midzi yathu ku kolera mvula isanayambe

Zonena mphunzitsi: Pemphero, malonje, kenako mawu a agulupu.

Silaidi 2
Kolera tinamuona ndi maso
Mliri unayamba mu Malichi 2022 ku Machinga
Unafika m'maboma onse a m'dziko muno
Anthu oposa 1,700 anamwalira

Zonena: Musathamangire manambala. Funsani amene anaona wodwala kolera m'mudzi mwawo pa nthawi ya kampeni ya Tithetse Kolera mu 2023 kuti afotokoze. M'chipindamo mungakhale ena omwe anaika maliro, ndiye wosafuna kulankhula asakakamizidwe.

Silaidi 3

```
Kolera amalowera m'kamwa
Madzi oipa, chakudya chosavundikira, manja osasamba
Cholera enters through the mouth: unsafe water, uncovered food, unwashed hands
```

Chithunzi: mwana akutunga madzi m'ndowa ndi kapu, zala zili m'madzimo. Tijambule tokha pakhomo la mmodzi wa a komiti, mwini wake atavomera. Zithunzi za pa intaneti zoonetsa mipopi ya m'nyumba anthu amangoti "izo n'za m'tauni".

Silaidi 4
Zizindikiro za kolera
Kutsekula m'mimba kwa madzimadzi, ngati madzi otsukira mpunga
Kusanza
Kukokana kwa minofu ya miyendo
Maso kulowa m'kati, ludzu losatha

Zonena: Munthu wamkulu wamphamvu zake akhoza kumwalira tsiku lomwelo chifukwa cha kutha kwa madzi m'thupi. Asadikire kuti kuche.

Silaidi 5
Kasungunulidwe ka Thanzi ORS
Sambani m'manja ndi sopo
Thirani paketi yonse m'madzi otetezedwa okwana lita imodzi
Takasani mpaka isungunuke
Ikatha maola 24, tayani n'kupanga ina

Zonena: Apa ndi pamene pagona maphunziro onse. Mawu akawerengedwa, zimitsani pulojekita ndipo aliyense ayime. Tidzabweretsa mabotolo anayi a lita imodzi, ndowa ya madzi othira kolorini ndi mapaketi okwanira, gulu lililonse lisungunule lokha ena akuona. Yang'anitsitsani zinthu ziwiri zomwe zimachitika kawirikawiri m'makomo: kugawa paketi pawiri kuti ina itsale, ndi kuthira paketi yonse m'kapu imodzi. Yoyambayo imachepetsa mphamvu ya mankhwala, yachiwiriyo imachulutsa mchere ndipo ingamupweteke mwana. Aliyense alaweko pang'ono kuti adziwe kakomedwe ka Thanzi wosungunulidwa bwino.

Achemwali, pa silaidi iyi ndi yotsatirayo manambala a m'Chingerezi afanane ndendende ndi a m'Chichewa. Muwaone kawiri.

Silaidi 6
Mwana amwe wochuluka bwanji akatsekula m'mimba?
Wosakwana zaka 2: mamililita 50 mpaka 100 nthawi iliyonse akachita chimbudzi
Wa zaka 2 mpaka 10: mamililita 100 mpaka 200
Akasanza, dikirani mphindi 10, kenako pitirizani pang'onopang'ono
Musasiye kuyamwitsa

Zonena: Mamililita paokha sathandiza mayi usiku. Tengani kapu ya pulasitiki yomwe imapezeka pakhomo lililonse, thiranimo muyezo wake n'kulemba mzere ndi cholembera, kapuyo izungulire chipinda chonse. Mwana wamng'ono amwetsedwe ndi supuni. Kumbutsaninso za mapiritsi a zinki: mamiligalamu 20 pa tsiku kwa mwana wa miyezi 6 kupita m'tsogolo, mamiligalamu 10 kwa wocheperapo, kwa masiku 10 mpaka 14 monga auzidwira kuchipatala, ngakhale kutsekulako kutasiya.

Silaidi 7
Thamangirani kuchipatala ngati mwana
akulephera kumwa kapena kuyamwa
akusanza chilichonse
akukomoka kapena walefukiratu
ali ndi magazi m'chimbudzi
Pa njira pitirizani kumumwetsa Thanzi ngati akutha kumeza

Zonena: Nkhani ya liwombo idzatuluka ndithu. Musaseke aliyense kapena kunyoza azigogo. Fotokozani modekha kuti liwombo likalowa m'kati mwana akutsekula m'mimba, ndiye kuti madzi akutha m'thupi, ndipo zomata pamutu sizingabwezere madziwo. Mutu wa silaidi iyi yokha ukhale wofiira.

Silaidi 8
Madzi akumwa
Thirani kolorini motsata muyezo wa alangizi a zaumoyo
Dikirani mphindi 30 musanamwe
Kolorini akasowa, witsani madzi mpaka abwate
Sungani m'chigubu kapena ndowa yovundikira

Zonena: Madzi a pa mjigo nawonso amaipa m'njira ndi m'nyumba. Muyezo wa kolorini sitiulemba pa silaidi, alangizi a m'deralo adzaonetsa okha ndi botolo lomwe amagawa, kuti anthu asasokoneze ndi la m'sitolo.

Silaidi 9
Pakhomo lililonse
Chimbudzi chokhala ndi chivundikiro, mamita 30 kapena kuposa kuchokera pa chitsime
Mpondagiya ndi sopo pafupi ndi chimbudzi
Chimbudzi cha mwana chitayidwe m'chimbudzi

Zonena: Kuno dothi ndi la mchenga ndipo zimbudzi zimagwa mvula ikachuluka. Apatseni mpata akambirane momwe ena amalimbitsira dzenje. Tikatero tituluke panja tikamange mpondagiya mmodzi ndi kachigubu ka malita 5, chingwe ndi mitengo.

Silaidi 10
Ntchito yathu mwezi uno
Mudzi uliwonse uwerenge makomo opanda chimbudzi
Wodwala woganiziridwa kolera: dziwitsani alangizi a zaumoyo tsiku lomwelo
Chipatala Cha Pa Foni: 929

Zonena: Komiti iliyonse isankhe munthu wobweretsa chiwerengerocho pa msonkhano wa mwezi wamawa.

Mukamaliza, musunge fayilo ina ya PDF pa fulashi ndipo munditumizire pa WhatsApp pofika Lachisanu. Pasukulupo palibe magetsi, tidalira jenereta yobwereka, ndiye masilaidi 5, 6 ndi 7 musindikize makope 30 a Chichewa chokha kuti aliyense apite nawo kwawo. Ine ndidzawalembanso pa mapepala akuluakulu okhoma pa bolodi.