Makolo, werengani izi tisanakumane padziwe Loweruka

Moni makolo nonse, ndine aphunzitsi a zosambira aja. Loweruka mpikisano uyamba 8 koloko, ndiye ndati ndifotokozeretu za DQ chifukwa chaka chatha bambo ena anachoka ku Santhe mbandakucha, mwana wawo kufika woyamba bwinobwino koma papepala la zotsatira analembapo DQ, mkangano wake mpaka tinachedwa nkhomaliro. Zilembo ziwirizo zimatanthauza kuti mwana waphwanya lamulo la kasambiridwe ndipo nthawi yake siiwerengedwa. Malamulowo ndi a World Aquatics, omwe kale ankatchedwa FINA, sitinapange ife kuno ku Kasungu.

Fulisitayilo ndi yosavuta, mwana asambire mmene akufunira bola akhudze khoma potembenuka ndi pomaliza. Akatopa atha kuima, koma kuyenda pansi kapena kudzikoka ndi chingwe cha mzere ayi. Bakisitiroko ndi yachagada ija, amayambira m'madzi momwemo ndipo amalizenso ali chagada. Ana ambiri amaopa kugunda mutu kukhoma ndiye amatembenuka chafufumimba kutatsala pang'ono, basi yapita.

Koma komwe timalira kwambiri ndi bulesitisitiroko, yosambira ngati chule ija. Miyendo ikankhe pamodzi mapazi atayang'ana kunja, osati kumenya madzi mosinthanasinthana, mutu utuluke pa kupalasa kulikonse, ndipo pakhoma manja onse awiri akhudze nthawi imodzi. Dzanja limodzi kutsogola ngakhale pang'ono chabe jaji waona kale, inu muli pa benchi kutali simungaone zimenezo, n'chifukwa chake timaika munthu kumapeto kwa dziwe ataweramira m'madzi ngati wataya ndalama. Batafulayi nayo ndi manja awiri pakhoma, mikono ipite kutsogolo limodzi pamwamba pa madzi, miyendo limodzinso. Ana aang'ono akatopa mikono imayamba kukwawa pansi pa madzi, ndi DQ imeneyo ngakhale amvetse chisoni bwanji.

Kupatula ya chule, zinazi mutu ukhale utatuluka pofika mamita 15 akangoyamba kapena kutembenuka.

Poyambira, wonyamuka chizindikiro chisanalire watuluka, palibe zoti tiyambirenso. Apa chonde makolo khalani chete lifali akaimba wezulo yaitali, kukuwa kwanu kuja ndi komwe kumagwetsera ana m'madzi nthawi isanakwane, akangonyamuka kuwani mpaka mawu athe. Pa mpikisano wolandizana, mapazi asachoke mnzake asanakhudze khoma, apo ayi timu yonse ya ana anayi yapsa.

Medile ndi yosakaniza masambiridwe onse anayi, ya munthu mmodzi imayenda batafulayi, chagada, chule, fulisitayilo. Yolandizana imayamba ndi chagada, kenako chule, batafulayi, fulisitayilo, musadabwe.

Mwana wanu akapatsidwa DQ musathamangire kwa majaji, bwerani kwa ine ndikafunse chifukwa chake ndikuuzeni. Ndipo m'galimoto pobwerera musamukalipire, Lolemba tikakonza limodzi m'madzi. Tengani zipewa ndi madzi akumwa, mthunzi ndi wochepa.